Mapositi awiri, nkhani imodzi: mmene mungadziwire yomwe yakugwirirani ntchito

Mwalemba positi yotsatsa malonda, simunakhutire nayo, mwailembanso mwanjira ina. Tsopano muli ndi ziwiri ndipo mukufuna kudziwa yabwino. Anthu ambiri amaziponya zonse pa peji, mawa lake n'kuyang'ana yomwe yapeza malaiki ambiri, basi chigamulo chapita. Patapita mwezi amadabwa kuti positi yopambanayo sikubweretsa ogula. Nthawi zambiri vuto limakhala pa kuwerenga nambala yolakwika, kapena kukhulupirira nambala yochepa kwambiri moti singakuuzeni kanthu.

Malangizowa atsata chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: munthu woweta nkhuku zoyera amene amatsatsa pa peji ya Facebook, ogula n'kumamupeza pa WhatsApp. Manambala onse a m'chitsanzochi ndi ongoyerekezera kuti muone kawerengedwe kake. Inu mudzaikapo anu.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Peji ya Facebook, kapena akaunti yomwe munayatsa Professional mode, chifukwa akaunti wamba sionetsa chiwerengero cha anthu omwe positi yawafikira.
- Apu ya Meta Business Suite. Ndi yaulere, ndipo imakulolani kukonzeratu tsiku ndi ola lomwe positi ituluke.
- Nambala ya WhatsApp yomwe ogula azilemberako.
- Kope ndi cholembera, kapena Google Sheets ngati mumaizolowera.
- Kalikuleta yokhala ndi batani la √. Ya pafoni ili nalo, ngakhale kuti pamafoni ena limaoneka mukaigoneka foni chammbali.
- Chithunzi chimodzi chomwe chigwire ntchito pa mapositi onse awiri.
- Masabata awiri, ndi katundu wokwanira kugulitsa masabata awiriwo pa mtengo umodzi.

## Masitepe ake

### 1. Sankhani nambala imodzi yoweruzira, muilembe musanaponye kanthu

Dzifunseni kuti munthu akawerenga positiyi mukufuna achite chiyani. Woweta nkhuku akufuna kuti munthuyo amulembere uthenga wofunsa nkhuku. Choncho nambala yake yoweruzira ndi ya anthu omwe alemba uthenga. Wina amene amalemba nkhani pa webusaiti akhoza kusankha anthu odina linki. Wa gulu la achinyamata amene akuitanira anthu kumsonkhano akhoza kusankha anthu olembetsa maina.

Tsegulani kope, mulembe pamwamba pa tsamba kuti: "Yopambana ndi yomwe ibweretse mauthenga ambiri pa anthu 100 aliwonse omwe yawafikira." Lembani ndithu, musangosunga m'mutu.

Chenjezo: mukapanda kulemba, manambala akadzabwera mtima udzasankha wokha. Positi yomwe mumaikonda ikadzalephera pa mauthenga, mudzayamba kunena kuti koma yapeza makomenti ambiri, koma anthu aishera. Pa manambala asanu kapena asanu ndi limodzi omwe Facebook imaonetsa, positi iliyonse imapambana penapake, ndiye mukasankha woweruza mpira utatha simuphunzirapo chilichonse.

### 2. Siyanitsani chinthu chimodzi chokha

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Polembanso positi, dzanja limayabwa kusintha zonse: mawu oyamba, chithunzi, utali wake, mtengo, ngakhale kaitanidwe ka pomaliza. Mukatero ndipo yachiwiri n'kuchita bwino, simudziwa kuti chathandiza n'chiti, choncho sabata yamawa mudzayambanso kulota.

Pa positi ya Facebook, malo oyenera kuyamba kuyesa ndi mizere iwiri kapena itatu yoyambirira, chifukwa positi ikatalika foni imadula mawu n'kuika See more. Munthu amene sanakopeke ndi zomwe zili pamwamba pa mawu amenewa sadina, amangopitirira. Onani mmene woweta nkhuku uja walembera ziwiri zake.

Positi A ikuyamba motere: "Mwaswera bwanji makasitomala athu okondedwa! Tikuthokoza chifukwa chotikhulupirira chaka chonsechi. Nkhuku zija zakula tsopano, zonenepa bwino, ndipo tayamba kugulitsa."

Positi B ikuyamba motere: "Nkhuku zoyera za masabata 6, K12,000 imodzi. Zamoyo kapena zosadzula kale. Mukagula zisanu timakubweretserani pakhomo."

Pansi pa mizere imeneyi zonse n'zofanana: mtengo womwewo, malo omwewo, chithunzi chomwecho. Mu A mtengo ulimo ndithu, koma uli pansi pa See more. Choncho funso lomwe akuyesa ndi limodzi lomveka bwino: kodi kuyamba ndi moni n'kothandiza kuposa kuyamba ndi mtengo?

Chenjezo: onetsetsani kuti palibe lonjezo lomwe lili mu positi imodzi yokha. Ngati B ikunena zobweretsa pakhomo koma A sikunena paliponse, ndiye kuti mukuyerekeza malonda awiri osiyana, osati kalembedwe kawiri.

### 3. Ikani chizindikiro choti mudziwe komwe uthenga uliwonse wachokera

Munthu akakulemberani kuti "nkhuku zilipo?", simungadziwe kuti waona positi iti. Kumufunsa sikuthandiza kwenikweni chifukwa ambiri sakumbukira. Njira yosavuta ndi kuika linki ya WhatsApp yokhala ndi mawu olembedwa kale, osiyana pang'ono pa positi iliyonse:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Ndikufuna%20nkhuku%20A
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Ndikufuna%20nkhuku%20B
```

Pamene pali ma X ikani nambala yanu popanda ziro woyamba uja, ndipo musaike + kapena mipata. Zilembo za %20 zikuimira mpata wa pakati pa mawu. Munthu akadina linkiyo, WhatsApp imatseguka mawu aja ali kale m'bokosi, iye n'kungotumiza. Inu mukaona A kapena B kumapeto kwa uthenga, mulembe kamzere m'kope pansi pa chilembo chimenecho.

Yesani malinki onse awiri pa foni ya mnzanu musanaponye. Nambala imodzi ikalakwika mu linki ya B, positiyo idzaoneka ngati yalephera pomwe anthu amadina n'kupita kwina.

Padzakhala ena ofunsa mtengo m'makomenti m'malo modina linki. Gamulani tsopano ngati muziwawerengera kapena ayi, ndipo muchite chimodzimodzi pa zonse ziwiri. Woweta nkhuku uja wasankha kuwerengera aliyense wofunsa za kugula, kaya pa WhatsApp kaya m'makomenti, koma munthu mmodzi kamodzi kokha. Wolemba kuti "zabwino kwambiri" kapena "Mulungu adalitse ntchito yanu" sakuwerengedwa. Nambala ya foni yoimbira musaiike m'mapositi amenewa, chifukwa woimba foni sabwera ndi chizindikiro.

### 4. Konzani masiku, kenako muwasinthanitse

Musaponye zonse ziwiri tsiku limodzi pa peji imodzi. Zimapikisana zokhazokha, ndipo amene waona yoyamba akaona yachiwiri amangoti ndaiona kale. Koma mukaziponya masiku osiyana pabweranso vuto lina: masikuwo safanana. Lachiwiri lina magetsi amakhala alipo ndipo mafoni ndi otchaja, Lachinayi lake n'kukhala mdima dera lonse. Tsiku lina kuli mpira, tsiku lina anthu mabandulo awathera.

Mankhwala ake ndi kuponya positi iliyonse kawiri, mosinthanitsa masiku:

- Sabata yoyamba: A Lachiwiri, B Lachinayi.
- Sabata yachiwiri: B Lachiwiri, A Lachinayi.

Ola likhale limodzi nthawi zonse, mwachitsanzo 7 koloko madzulo. Gwiritsani ntchito Schedule mu Meta Business Suite kuti ngakhale mutatanganidwa kapena netiweki itavuta, positi ituluke pa nthawi yake. Mwanjira imeneyi, ngati Lachiwiri lili ndi mwayi wake, A ndi B zonse zaulawa kamodzi kamodzi.

Chenjezo lalikulu kwa ogulitsa: musalole kuti malipiro a kumapeto kwa mwezi agwere pakati pa sabata imodzi. Ngati A yatuluka anthu asanalandire ndipo B yatuluka atalandira, mauthenga a B achuluka chifukwa cha matumba a anthu, osati chifukwa cha mawu anu. Chimodzimodzinso sabata yotsegulira sukulu, pamene ndalama zimathera ku fizi, ndi sabata ya Khirisimasi pamene nkhuku zimadzigulitsa zokha. Sankhani masabata awiri a pakati pa mwezi omwe mulibe chikondwerero.

### 5. Zisiyeni ziyende zokha

Positi ikatuluka musaikhudze. Musaikonze mawu, musailipirire ndi Boost post, musaiike pamwamba pa peji, musatumize linki yake kwa abale kuti akaike malaiki. Ngati mumakonda kushera mapositi anu m'magulu a malonda, sherani zonse m'magulu omwewo pa ola lomwelo, apo ayi musashere iliyonse.

Mayankho anunso afanane. Mukamayankha makomenti a B mwachangu koma a A n'kuwasiya mpaka mawa, mwaikankha B ndi manja anu, chifukwa positi yomwe anthu akucheza pansi pake Facebook imakonda kuionetsa kwa anthu enanso.

### 6. Werengani manambala positi iliyonse itakwanitsa maola ofanana

Positi imapitiriza kufikira anthu kwa masiku angapo. Mukatsegula Lachisanu m'mawa n'kuyerekeza ya Lachiwiri ndi ya Lachinayi, mukuyerekeza mwana wa masiku awiri ndi theka ndi khanda la usiku umodzi. Ikani alamu yoti muwerenge positi iliyonse pakatha maola 48 enieni. Ya Lachiwiri 7 koloko madzulo muiwerenge Lachinayi 7 koloko madzulo, inzakeyo isanatuluke kumene. Ya Lachinayi muiwerenge Loweruka ola lomwelo. Uthenga wobwera maola 48 atadutsa muuyankhe, mugulitse, koma musauwerengere.

Manambalawo mudzawapeza mukadina See insights pansi pa positi, kapena mu Meta Business Suite pa gawo la Content. Pali mawu awiri omwe amasokoneza anthu. Reach, yomwe pena imalembedwa Viewers, ndi chiwerengero cha anthu osiyanasiyana omwe positi yaonekera pa mafoni awo. Views, yomwe kale ambiri ankaidziwa ngati Impressions, ndi maulendo omwe positi yaonekera, kotero munthu mmodzi akaiona katatu amawerengedwa katatu. Tengani ya anthu, osati ya maulendo, popeza mukuwerenga anthu olemba uthenga. Ndipo jambulani sikirinishoti nthawi yomweyo, chifukwa mawa manambalawo adzakhala atasuntha.

Nazi zomwe woweta nkhuku wapeza sabata yoyamba. Positi A, Lachiwiri, yafikira anthu 1,200, malaiki 84, ofunsa nkhuku 18. Positi B, Lachinayi, yafikira anthu 800, malaiki 29, ofunsa nkhuku 20.

### 7. Sandutsani manambala kukhala "pa anthu 100 aliwonse"

Mukayang'ana mwachangu, 18 ndi 20 zikuoneka ngati palibe kusiyana, ndipo pa malaiki A yapambana kutali. Koma A inaonedwa ndi anthu 400 ochulukirapo. Kuti muziike pa muyeso umodzi, gawani ofunsa ndi ofikiridwa, kenako muchulukitse ndi 100.

Pa A: 18 ÷ 1,200 × 100 = 1.5. Ndiye kuti pa anthu 200 aliwonse, atatu anafunsa. Pa B: 20 ÷ 800 × 100 = 2.5, kutanthauza kuti pa anthu 200 aliwonse anafunsa asanu. Mu Google Sheets, ngati ofikiridwa ali mu B2 ndipo ofunsa ali mu C2, lembani:

```
=C2/B2*100
```

Chithunzi chatembenuka. B yomwe inkaoneka yozizira ndiyo ikukoka ogula. Komabe musathamangire kufufuta A, chifukwa sitepe yotsatirayi ndi yomwe imasiyanitsa kudziwa ndi kungoganiza.

### 8. Onani ngati kusiyanako si mwayi chabe

Mukaponya kobiri m'mwamba maulendo 38, simuyembekeza kuti mbali iliyonse igwe maulendo 19 ndendende. Pena zibwera 22 ndi 16, pena 15 ndi 23, kobiri lili lomwelo. Mauthenga nawo amagwedezeka choncho. Ngakhale mapositi awiri atakhala ofanana mphamvu, imodzi idzapezabe ochulukirapo mwamwayi: amayi ena akukonza chinkhoswe ndipo auza anzawo atatu, kapena wa lesitanti wina nkhuku zamuthera tsiku lomwelo. Funso ndi lakuti, kusiyana kukule bwanji kuti tiyambe kukukhulupirira?

Pali kawerengedwe kachidule komwe mungachite pa kalikuleta ya pafoni. Kali ndi mbali zinayi.

Choyamba, phatikizani ofunsa onse. Sabata yoyamba ndi 18 + 20 = 38.

Chachiwiri, pezani gawo lomwe B ikanalandira zikanakhala kuti mapositiwa ndi ofanana mphamvu. Ofikiridwa onse ndi 2,000, ndipo a B ndi 800. Choncho gawo lake ndi 38 × 800 ÷ 2,000 = 15.2, tinene kuti anthu 15.

Chachitatu, onani kuti B yapitirira gawo lakelo ndi angati. Yapeza 20 m'malo mwa 15.2, ndiye yapitirira ndi 4.8.

Chachinayi, lembani 38 pa kalikuleta n'kudina √. Ikupatsani pafupifupi 6.2. Nambala imeneyi ndi malire a kugwedezeka komwe mwayi wokha ungabweretse. Mapositi ofanana mphamvu amadutsa malire amenewa pafupifupi kamodzi kokha pa mayeso 20. Ngati kupitirira kuja kuli kochepera pa malire, simunadziwebe. Ngati kwadutsa, muli ndi chifukwa chabwino chokhulupirira.

Pano 4.8 ndi yochepa kuposa 6.2. Choncho ngakhale 2.5 ikuoneka yaikulu pamaso pa 1.5, sabata yoyamba yokha sikukwana kugamula. Taganizirani: anthu atatu a B akanapanda kulemba ndipo atatu ena n'kulembera A, zikanakhala 17 ndi 21, pafupifupi 2.1 ndi 1.8, zomwe palibe angazitche kupambana.

Sabata yachiwiri masiku asinthana. B yatuluka Lachiwiri, yafikira anthu 1,180, ofunsa 32. A yatuluka Lachinayi, yafikira 820, ofunsa 13. Taonani kaye chinthu chimodzi: Lachiwiri lafikira anthu pafupifupi 1,200 masabata onse awiri, Lachinayi pafupifupi 800, posatengera kuti yatuluka ndi positi iti. Ndiye kuti kuchuluka kwa ofikiridwa a A sabata yoyamba kunali kwa tsiku, osati kwa mawu a moni aja. Popanda kusinthanitsa masiku simukanaona zimenezi.

Tsopano phatikizani masabata awiri. A yafikira 2,020, ofunsa 31, zomwe ndi 1.5 pa anthu 100. B yafikira 1,980, ofunsa 52, zomwe ndi 2.6 pa anthu 100. Ofunsa onse ndi 83, ofikiridwa onse ndi 4,000. Gawo la B likanakhala 83 × 1,980 ÷ 4,000, pafupifupi 41. Yapeza 52, choncho yapitirira ndi 11. Mukadina √ pa 83 mupeza pafupifupi 9.1. Ulendo uno 11 yadutsa 9.1. Kuwonjezera apo, B yapambana Lachinayi ndiponso Lachiwiri, sabata yoyamba ndi yachiwiri yomwe. Apa woweta nkhuku akhoza kunena molimba mtima kuti kwa anthu a pa peji yake, kuyamba ndi mtengo kumabweretsa ofunsa ambiri.

Wogwiritsa ntchito Google Sheets, ngati mzere 2 ndi wa A ndipo mzere 3 ndi wa B, alembe ziwirizi n'kuziyerekeza:

```
=C3-(C2+C3)*B3/(B2+B3)
=SQRT(C2+C3)
```

Kawerengedwe kameneka kali ndi malire ake oyenera kuwadziwa. Kamagwira bwino pamene ofikiridwa a mapositi awiriwo sanatalikirane kwambiri, tinene kuti imodzi sinapose inzake kawiri, ndiponso pamene ofunsa ndi ochepa poyerekeza ndi ofikiridwa, monga anthu osafika 10 pa 100. Ofunsa onse akachepera 30, musavutike n'komwe kuwerengera. Onjezerani masabata ena awiri. Dziwaninso kuti mukaphatikiza ofikiridwa a masabata awiri, anthu ena mwawawerenga kawiri chifukwa anaona maulendo onse. Izi sizionongeratu ntchito popeza zachitika mbali zonse ziwiri, koma n'chifukwa chake kudutsa malire ndi kachidutswa, monga 9.3 pa 9.1, kuyenera kutengedwa ngati chizindikiro choti mubwereze, osati chigamulo.

### 9. Tsatani uthenga mpaka pa ndalama

Ofunsa si ogula. Positi ikhoza kukoka mauthenga ambiri a anthu ongofunsa n'kuzimiririka, makamaka ngati yabisa mtengo kapena yalonjeza zoposa zomwe muli nazo. Choncho pa kamzere kalikonse m'kope, zungulizani omwe alipiradi.

M'chitsanzo chathu, mwa anthu 31 a A agula 12, ndipo mwa 52 a B agula 19. Pa mbali zonse ziwiri ndi anthu pafupifupi anayi pa khumi aliwonse ofunsa. Izi zikusonyeza kuti B sinabweretse anthu opanda pake, yangobweretsa ambiri a mtundu womwewo. Zikanakhala kuti mwa 52 aja agula 9 okha, nkhani ikanasintha: B ikanakhala ikukudyerani nthawi ndi bandulo poyankha anthu osagula, ndipo mukanafunika kuwerenga mauthenga awo kuti muone chomwe ankayembekezera koma sanachipeze.

Manambala a ogula enieni amakhala ochepa, ndiye musawayese ndi √ patangotha masabata awiri. Ntchito yawo pano ndi kukuchenjezani ngati chinachake chapotoka kwambiri.

### 10. Lembani zomwe mwaphunzira m'chiganizo chimodzi, muyese china

Pansi pa tsamba lembani tsiku, zomwe munasiyanitsa, manambala, ndi chiganizo chimodzi monga ichi: "Mtengo pamwamba: 2.6 pa 100. Moni pamwamba: 1.5 pa 100. Malire anadutsidwa." Kuyambira pamenepo B ndiyo positi yanu yokhazikika, ndipo chilichonse chatsopano chiziyesedwa ndi iyo. Ulendo wotsatira mukhoza kusiya mawu momwe alili n'kusintha chithunzi chokha, nkhuku zamoyo m'khola kapena zosadzula zili mu beseni.

Nthawi zina masabata anayi adzatha malire osadutsidwa. Limenelonso ndi yankho: chinthu chomwe munasinthacho sichikusuntha anthu anu mokwanira kuti chioneke. Tengani yomwe ili yosavuta kulemba, muyese kusintha kwakukulu kuposa pamenepo. Peji yomwe imafikira anthu mazana ochepa siingaone kusiyana kwa liwu limodzi kapena ka emoji. Imangoona kusiyana kwakukulu ngati kwa moni ndi mtengo.

## Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kuweruza ndi malaiki. Laiki imachokera kwambiri kwa anthu okudziwani: abale, anzanu a kutchalitchi, makasitomala akale. Positi yothokoza imawakhudza mtima ndipo amadina. Munthu wofuna nkhuku zisanu za Loweruka nthawi zambiri saika laiki, amangodina linki n'kufunsa. N'chifukwa chake A inapeza malaiki 84 ndipo B 29 zokha, koma ofunsa ambiri n'kubwera ndi B. Positi yothokoza ili ndi ntchito yake pa peji, koma si ntchito yomwe munalemba pamwamba pa kope.

Kuyang'ana ola lililonse n'kuimitsa pomwe zakukomerani. Mukamawerenga kawirikawiri, padzakhala ola lina pomwe imodzi idzaoneka kuti yadutsa malire mwamwayi. Mukaima pomwepo mwadzinamiza. Masabata omwe munapangana ndi kope lanu athe kaye, kenako muwerengere kamodzi.

Kunena kusiyana mokokomeza. Kuchoka pa 1.5 kufika pa 2.6 munthu akhoza kunena kuti zakwera ndi 70 peresenti, ndipo masamu ake ndi oona. Koma musakonze bajeti ya anapiye potengera nambala imeneyi. Mayeso aang'ono amakuuzani mbali yomwe yapambana, koma kukula kwa kupambanako amangokuyerekeza, ndipo kawirikawiri mwezi wotsatira kumatsika.

Kuyesa pa anthu osiyana. Kuika A pa peji ya Facebook ndipo B pa sitetasi ya WhatsApp si kuyerekeza mapositi. Oona sitetasi yanu ndi anthu omwe anasunga kale nambala yanu, ndipo ambiri anagulapo. Ngati mukufuna kuyesa pa sitetasi, ikani zonse ziwiri pamenepo mosinthanitsa masiku, ndipo mulembe chiwerengero cha oona maola 24 asanathe, chifukwa sitetasi ikachoka nambalayo imapita nayo.

Positi imodzi kugwera mwayi wachilendo. Ngati peji yaikulu yashera B n'kufikira anthu 9,000 m'malo mwa 1,000, ofunsa pa anthu 100 atsika chifukwa ambiri mwa atsopanowo ali kutali ndi komwe mumagulitsa. Ulendo umenewo uchotseni m'mawerengedwe, mulembe chifukwa chake m'kope, mubwereze sabatayo.

Katundu kutha kapena mtengo kusintha pakati. Nkhuku zikatha Lachitatu la sabata yachiwiri n'kulemba pansi pa positi kuti zatha, mauthenga aima pomwepo. Chakudya cha nkhuku chikakwera n'kukweza mtengo, masabata awiriwo saphatikizidwanso, ndipo muyenera kuyambiranso pa mtengo watsopano.

Kubwereza positi yopambana mpaka anthu kutopa nayo. Anthu a pa peji yanu ndi omwewo sabata ndi sabata. Pitirizani kulemba nambala ya ofunsa pa anthu 100 nthawi iliyonse yomwe mwaponya B. Mukaona yatsika masabata atatu otsatizana, mtengo ndi nyengo zili chimodzimodzi, sungani kamangidwe kake koyamba ndi mtengo koma musinthe chithunzi ndi mawu ena, n'kuiyesanso ndi yakaleyo monga munachitira pa sitepe 4.